Malikisi Awiri pa Makumi Awiri

Tandiyankhani inu a mabukunu: n'chiyani chimene mwini wake amachivala ngati mendulo, chonsecho ndicho chingwe chomupachika? Mwagwa nayo? Kusukulu amati chofooka cha ngwazi ya m'sewero lachisoni, ndipo n'chimene chinawawitsa mtima wa Madamu.

Madamu ankaphunzitsa kalasi yomaliza. Sewero la mayeso chaka chimenecho linali la womanga milatho, munthu wolemekezeka, wokondedwa, koma wosadziwa kukaniza m'bale. Analola mlamu wake kubweretsa simenti yoola, mlatho n'kugwa mwana wa womangayo ali pamwamba. Anazindikira kulakwa kwake maliro ali m'nyumba.

Mtsikana wina wakhama analemba zomwezo pa mayeso oyeserera: kuti munthuyo sanali woipa, ubwino wake ndiwo unapyola muyeso n'kumugwetsa, n'chifukwa chake owonera amamumvera chisoni, n'kuopanso kuti zingawagwere iwo. Koma wochonga anali mkulu wa dipatimenti, uja ankamutcha Adikishonale. Anam'patsa malikisi awiri pa makumi awiri. Bambo a mtsikanayo anali atanena kale kuti akalephera mayeso amenewa, sukulu yathera pomwepo.

Madamu anapita kukadandaula kwa Adikishonale kawiri. Kawiri konse anauzidwa kuti ngwazi iliyonse imagwa ndi kudzikuza, ndipo amene wachonga zaka makumi awiri saphunzitsidwa ndi munthu amene choko sichinamuyeretse siketi. Anatuluka akutafuna misozi.

Lachinayi kunabwera woyendera masukulu, kamayi kowonda ka magalasi. Mu sitafu, aphunzitsi atadzaza mipando, kanapempha kuona mapepala ochongedwa. Madamu anaika la mtsikana uja pamwamba.

Kamayiko kanaliwerenga mpaka pansi. Kenako kanafunsa mwaulemu kuti kudzikuzako kukuoneka pa chochitika chiti, poti chofooka sachinamizira, amachiloza m'buku ndi kusonyeza mmene chaberekera tsokalo.

Adikishonale anakonza tayi. Anati sewero limenelo analimeza lonse, akhoza kulilakatula ali m'tulo.

"Ndi paja mfumu ikunyoza malangizo a nduna zake, mayi. Pamenepo ndiye pagona nkhani."

"Mfumu iti, bambo?"

"Mfumu yomweyo. Mwini sewero."

Kamayiko kanafufuta awiri aja n'kulemba khumi ndi asanu ndi atatu, kanalamulanso kuti mapepala onse achongedwenso. Madamu sanamwetulire. Ankaganiza za ana a zaka zonse zija, amene analibe wowaikira pepala pamwamba, tsopano ali kwina kwake akudziyesa mbuli.

Anali mphunzitsi wa masamu amene analephera kupirira.

"Achimwene," anatero akupukuta m'maso, "mfumu yanuyo inagwa ndi mlatho, kapena inakwera basi ina?"

Sitafu yonse inaphulika ndi chikhakhali, ena mpaka kutsamwa tiyi. Adikishonale ankangotembenuza masamba, tsamba ndi tsamba, kufunafuna mfumu yawo.