Ine Maasainimenti, Iwo Mayeso

Amuna anga, a Edmond Njobvu, anakhala munthu wa ku yunivesite zaka zisanu ndi chimodzi osasamuka ku Chipangali. Ankaphunzira kudzera pa positi. Manotsi ankachokera ku Lusaka m'maenvulopu a khaki, iwo n'kumatumiza maasainimenti, ndipo kamodzi pa chaka ankakaonana ndi malekichara kwa milungu ingapo, n'kubwerako akuyankhula Chingerezi ndi nkhuku zomwe. Pa sukulu ya pulayimale yomwe ankaphunzitsa, anzawo ankawaitana kale kuti "a Digiri", ndipo ankavomera mokweza.

Mu 1996 inawatsalira kosi imodzi, ya mbiri ya dziko lathu. Anali atailephera chaka chinacho, ndipo kalata inanena mosapsatira kuti akailepheranso, dzina lawo lifufutidwa. Zaka zonse zija zikanangopita m'madzi.

Maasainimenti atatu a kosiyo anayenera kupita mu Meyi, mu Julayi ndi mu Ogasiti. Koma munthu wamkulu sasowa zochita: kwaya ya ku tchalitchi, mpira wa ana a sukulu, nsolo wa pansi pa mango. Anapempha kuti awawonjezere nthawi, ndipo lekichara wachifundo anawapatsa tsiku lomaliza, 20 Okutobala. Mayeso anali pa 29. Wopanda mamaki a maasainimenti sankaloledwa ngakhale kukhala pa desiki.

Pa 1 Okutobala a Njobvu anadzuka ndi mphamvu zoopsa. Anatenga pepala lalikulu la manila, rula ndi zolembera za mitundu itatu, n'kujambula ndandanda ya mwezi wonse. Inawatengera masiku awiri. Inali yokongola zedi, sindinama. Atamaliza anaikhoma pakhoma, n'kugona chifukwa cha kutopa.

"Amake Tiya," anandiitana tsiku lachitatu, ine ndikusenda nshawa za mbewu pakhonde. "Ndawerengetsera bwino. Mutu umodzi sungasenze mitolo iwiri. Ine ndilimbana ndi mayeso, poti ndiye nkhondo yeniyeni. Inu mungondithandiza tumaasainimenti utu."

"Kukopera ngati kale?"

"Ee, kukopera. Kungoti ulendo uno zokoperazo sindinalembe."

Kuyambira chaka choyamba ndine ndinkalemba bwino zomwe iwo akhwatchakhwatcha, chifukwa zilembo zawo zimaoneka ngati padutsa nkhuku pamatope. Fomu faifi ndinakhoza bwino kuposa iwo, koma bambo anga anati sukulu yakwana, mwamuna ndi uyu, mphunzitsi weniweni wa njinga yake. Ndinafuna kukana, pakuti ndinkadziwa kuti n'kubera. Koma zaka zisanu ndi chimodzi zija, si iwo okha amene anazivutikira. Ndinapukuta manja n'kulandira maenvulopu. Ena anali asanatsegulidwe.

Funso loyamba linali la msonkho wa nyumba, ndi mmene unathamangitsira amuna a kuno kukagwira ntchito kutali ku Walale, dziko la kum'mwera. Nditawerenga masamba angapo, ndinapezamo agogo anga aamuna, omwe anapita wapansi n'kubwerako ndi bulangete ndi chifuwa. Ndinkaganiza kuti inali nkhani ya m'banja mwathu mokha, osadziwa kuti ku yunivesite amaipatsira mamaki. Lachiwiri linali la minda ya fodya ya azungu a ku Fort Jameson, komwe lero timati Chipata, lachitatu la Chitaganya. Ndinkawerenga masana, mwana wathu Tiyanjane ali ku sukulu, thukuta la Okutobala likudonthera pa mapepala. Nshawa zinandidikira, ndipo ndiwo zinapserera kawiri. Ndikuulula, ndinakondwa. Mutu wanga unali utagona zaka khumi, tsopano unali utadzuka ndi njala.

Nawonso a Njobvu anali pa nkhondo yawo pansi pa mango. Anayala mapepala a mayeso a zaka zisanu zapitazo n'kumawayang'ana ngati sing'anga pa ula.

"Malekichara ine ndimawadziwa," anatero. "Zomwe afunsa mu asainimenti safunsanso. Chaka chino kubwera migodi ya kopa, malonda a akapolo ndi mamishonale. Ndatha."

"Bambo a Tiya, bwanji mungowerengako zomwe ndalembazi? Ndi dzina lanu lili pamwambapo."

"Aa, mayi, mufuna mundisokoneze mutu? Ikani mu envulopu."

Pa 14 anakwera njinga, kenaka lole ya thonje, mpaka ku positi ofesi ya ku Chipata. Anatumiza onse atatu pa rejisitala, n'kubwera akudandaula kuti maasainimenti awapweteketsa msana.

Tsiku la mayeso ndinapita nawo, ndi dengu la nshawa zokagulitsa ku msika. Ankalembera mu holo ina m'tauni, pamodzi ndi aphunzitsi ena ndi makalaliki a pa boma. Dzina lawo linali pa mndandanda wa ololedwa, ndipo anandilozera monyadira. Patatha maola atatu anatuluka tayi ili pambali, nkhope ngati ya munthu amene mbuzi zamudyera munda.

"Lekichara uja ndi wosakhulupirika," anatero. "Mafunso asanu ndi limodzi, tiyankhe atatu. A migodi okha ndiwo abwera. Kenaka msonkho wa nyumba! Fodya wa ku Fort Jameson! Zinthu zoti tinalemba kale!"

"Tinalemba," ndinavomera.

"Nanga msonkhowo unkatani kwenikweni?"

Ndinawafotokozera kuyambira pa holo mpaka pokwerera malole, zaka, zifukwa ndi zotsatira zake, dengu lili pamutu. Pomaliza anati, "Tsono bwanji simunandiuze?"

Mu Januwale, mvula ili mkati, kunabwera maenvulopu awiri. Yaing'ono inanena kuti mamaki a maasainimenti anali apamwamba, koma a mayeso sanafike pa mlingo wofunika, choncho maphunziro a a Njobvu athera pomwepo. Anakhala pa mpando nthawi yaitali, kalata ili pa bondo. Ndinawamvera chisoni chenicheni, ndipo ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Yaikuluyo inali ya maasainimenti anga. Pansi pa la msonkho lekichara analemba ndi inki yofiira kuti: "A Njobvu, pa zaka zambiri sindinawerenge ntchito yoganiza chonchi. Mutu uwu usathere pano." Ndinawerenga katatu. Palibe munthu anali atandiuzapo mawu otere.

A Njobvu atawaona mawuwo anatsitsimuka ngati chimanga cholandira mvula. M'mawa mwake anapita nawo ku sukulu, n'kuwerengera aphunzitsi onse, ahedi ndi mlonda yemwe.

"Mwamva? Munthu wolemba chonchi angalephere mayeso? Pali kaduka apa!"

Madzulo anandibweretsera pepala, envulopu ndi sitampa.

"Amake Tiya, lembani kalata yodandaula. Zilembo zanu amazidziwa kumeneko. Muwauze kuti mutu uwu usathere pano, lekichara mwini wake wanena yekha."

Ndinakhala pa tebulo lomwe ndinalemberapo maasainimenti aja n'kulemba mosathamanga. Ndinawauza a ku yunivesite chaka chomwe ndinamaliza fomu faifi ndi mmene ndinakhozera, n'kupempha kuti anditumizire mafomu olowera maphunziro a pa positi. Pansi ndinasaina kuti Ireen Njobvu. Aka kanali koyamba kuti dzina langa lipite ku Lusaka pamodzi ndi zilembo zanga.

"Bambo a Tiya, muwerenge kaye ndisanamate."

"Aa, mayi, ndimakukhulupirirani. Ikani mu envulopu."

M'mawa anaitchinjiriza bwino m'pulasitiki kuti isanyowe, n'kupalasa njinga m'matope kukaitumiza okha, pa rejisitala.