Ndalama za Diso pa Fikisidi

Diso lamanzere la Adalaivala linali litafa kale. Lamanja nalo linayamba kuchita nkhungu, ndipo kampani ya mabasi inawapumitsa ntchito n'kuwapatsa ndalama zawo zonse kamodzi. Dokotala ananena kuti opaleshoni ikhoza kulipulumutsa, koma katswiri wake amabwera mwa apo ndi apo, ndipo odikira ndi ambiri. Anawalemba pamndandanda, nati asunge ndalamazo, adzaitanidwa chaka chisanathe. Zimene analandira zinangokwanira ndendende mtengo wa opaleshoniyo.

Amene anapita nazo kubanki ndi akazi awo, mayi wosoka zovala, wa mtima wofewa ngati wa mwana wa nkhosa. Kalaliki wapakauntala anawafotokozera modekha. Ku akaunti ya sevingi chiwongoladzanja n'chochepa, koma ndalama umatapa tsiku lililonse. Pa fikisidi chiwongoladzanja n'chokulirapo, koma umapangana ndi banki kuti sudzazikhudza mpaka nthawi itakwana. Ukaswa panganolo, chiwongoladzanja chimapita, amadula chindapusa, ndipo pabanki yawoyo umadikira masiku asanu a ntchito. Atamva za opaleshoni, kalalikiyo anaika cholembera pansi.

"Amayi, ndalama yodikira foni ya dokotala sitiitsekera. Ikani ku sevingi."

Mayiwo anamva bwinobwino. Koma m'maso mwawo munali alamu awo, mng'ono wa Adalaivala, amene chimvere za penshoni ankabwera m'mawa uliwonse n'kukhala pafupi ndi makina osokera, lero ndi nkhani ya lendi, mawa ya mbuzi zotchipa. Kumana munthu sankatha, kunama ankaopa Mulungu. Anaona kuti ku sevingi ndalamazo zidzatha ngati mchere wa m'nyumba ya anthu ambiri, pang'onopang'ono, popanda wakuba. Anafuna khomo loti ngakhale iwo eni asathe kulitsegula. Anasayina fikisidi ya miyezi khumi ndi iwiri, akudziuza kuti zachipatala sizifulumira.

Ndipo zinathandizadi. Alamu atabwera, mayiwo anawaonetsa pepala la banki ndi mtima woyera.

"Alamu, mwaikwirira ndalama yamoyo ngati mtembo," anatero bamboyo, nadzuka osatsiriza tiyi.

Adalaivala anaseka mpaka kutsokomola. Masiku amenewo munali mtendere m'nyumba. Madzulo mayiwo ankapalasa makina akuimba nyimbo za kutchalitchi, amuna awo akuthira besi pampando wa pawindo, pomwe ankathabe kuona maonekedwe a anthu odutsa.

Foni inalira mwezi wachisanu, Lachitatu masana. Katswiri wabwera, wodwala wina walephera, malo alipo Loweruka. Alipire zonse pofika Lachisanu, apo ayi malowo apita kwa wotsatira.

Mayiwo anathamangira kubanki ulusi uli m'malaya. Kalaliki yemwe uja anawakumbukira, ndipo sanawanyoze. Anawalembetsa kalata yoswa pangano, nakalowa nayo yekha kwa manijala. Anabwerako nkhope ili pansi: masiku asanu aja sasintha, ndalama zidzatuluka Lachitatu linalo, zitadulidwa. Ngongole yoika fikisidiyo ngati chikole ikanatheka, koma nayonso inafuna mafomu ndi chilolezo cha kulikulu, zosatheka pofika Lachisanu. Kuchipatala akazi a Adalaivala anaonetsa pepala la banki kwa mayi wolandira ndalama, amene analiwerenga mwaulemu n'kulibweza, nati pepala si malipiro. Lachinayi lonse anayenda kwa abusa, kwa amayi anzawo a kwaya, ngakhale kwa wogula makina akale. Anthu anapereka ndi mtima wonse, koma zonse pamodzi sizinafike ngakhale limodzi la magawo khumi. Lachisanu madzulo anagwada pafupi ndi bedi kuti apemphere. Amuna awo anapapasa mpaka kupeza mutu wawo.

"Amayi, dzukani. Munkasunga diso langa, simunkasunga zanu."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa kukalipiridwa.

Ndalama zinatuluka Lachitatu, zoperewera ndi chindapusa chija. Katswiri anali atapita, ndipo dokotala anati mwina adzabweranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Atafunsidwa ngati diso lidzadikira, anayamba kusanja mapepala patebulo. Mayiwo anaika zotsalazo ku sevingi, nayamba kulandira ntchito iliyonse, ngakhale yozigamba, kuti akwaniritse zodulidwazo.

Patapita miyezi iwiri, tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, anabwera kuchokera kokapereka madiresi. Anapeza Adalaivala ali pampando wawo, nkhope yoloza kuwindo, kuwala kuli thoo pamasaya pawo.

"Mwachedwatu lero," anatero bambowo. "Tayatsani magetsi, kwada."

Mayiwo anaika chikwama pansi. Kenaka anapita kukhoma, nayatsa.