Mutu Wachinayi

Dzino langa lakutsogolo linachoka chifukwa cha kalata imene ndinalemba ndekha ndi cholembera chobiriwira.

Tinkakhala anayi m'nyumba ya lendi ya zipinda zitatu: a Telala, a Weluda owotcherera zitsulo, a Mlonda, ndi ine. Ndinali nditangomaliza sukulu, ndikugwira ntchito pa shopu ya fotokope, ndipo ndinkagona pabalaza kuseri kwa sofa. Ankanditcha Mlembi chifukwa cha ndakatulo zimene ndinkalembera mtsikana wogulitsa mafoni kutsidya kwa msewu, ngakhale sindinam'patsepo ndi imodzi yomwe.

A Telala atanena kuti akukwatira ndipo achoka mwezi ukatha, mtima wanga unavina. Chipinda chawo chinali ndi zenera loyang'anizana ndi shopu ya mafoni ija. Kenako ndinawerengetsa. Lendi tinkaigawa panayi. Kuigawa patatu, malipiro anga akanathera pomwepo osatsala ngakhale ya sopo, ndipo ine ndikanabwerera kwathu kukakhala pakhonde la amayi.

Koma panali munthu wina. A Mlonda akapita kuntchito madzulo, kwa a Weluda kunkabwera mkazi, n'kudya mpunga wathu womwewo umene ankam'pititsira kuchipinda, n'kuchoka m'mawa a Mlonda asanaweruke. Nkhope yake sindinaionepo. Kuseri kwa sofa ndinkangoona mapazi akudutsa, atavala nsapato zofiira zokhala ndi kagulugufe kachitsulo pamwamba. Ndinkati chikondi chenicheni n'chimenechi, choyenda monyang'ama.

Anzanga anati tikambirana Lamlungu. Ine kudikira kunandikanika. Lachinayi ndinalemba kalata, Lachisanu m'mawa ndinaiika patebulo n'kuitsamiza botolo la mchere.

A Mlonda analowa ali mu yunifomu, ndodo yawo yantchito ili m'khwapa. A Telala ankasita malaya aukwati pakona, a Weluda akumwa tiyi. A Mlonda anatola kalata ija n'kuyamba kuiwerenga mokweza, mawu atawasandutsa a mlaliki.

"'Achimwene anga okondedwa, mbalame imodzi ikuuluka m'chisa chathu, koma lendi ya chisa siitsika.' Atelala, mwamva? Ndinu mbalame inu."

"Werengani, akulu, ndiuluke bwino," anatero a Telala.

"'Dipoziti yathu ikhalebe kwa eni nyumba. Gawo la a Telala tiwabwezere ife otsala m'miyezi itatu. Tsiku lochoka tione mayunitsi otsala pa mita, tiyeze mpunga ndi mafuta, tiwapatse ndalama ya gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuyambira mwezi wamawa a Weluda azigula theka la mayunitsi, popeza makina awo odulira zitsulo ndiwo amathamangitsa mita. Theka linalo tizigawana a Mlonda ndi ine.'"

"Kamwana aka kandizonda," anadandaula a Weluda, koma akuseka.

"'Lendi ndi chakudya tizigawa pa mutu, mutu uliwonse wogona muno ndi kudya muno. Mitu ikhalabe inayi, choncho gawo la mutu umodzi silikwera.'" A Mlonda anatsitsa pepala. "Iwe Mlembi, masamu unakhoza? Anayi kuchotsapo mmodzi?"

"Atatu, achimwene."

"Nanga wachinayi ndani? Khoswe?"

A Weluda anandiponda phazi pansi pa tebulo. "Musiyeni, amalota masana ameneyu."

Kunditchula wolota pamaso pa anthu, pa nkhani ya masamu anga! Ndinapsa mtima. "Sindikulota ine. Alamu aja amabwera kwa a Weluda. A nsapato zofiira za kagulugufe."

Ayironi yokha ndiyo inkalira pa malaya.

"Kagulugufe," anatero a Mlonda, pang'onopang'ono. "Mphwanga, ka phazi liti kanathyoka phiko?"

"Lamanzere."

"Ndinagula ndine nsapato zimenezo. Phikolo linathyokera m'thumba mwanga tsiku limene ndinkakam'funsira."

A Weluda anadzuka, manja m'mwamba. "Akulu, tikambirane ngati amuna..."

Ndodo inawapeza pakamwa mawu asanathe. Ndinamva kuti khwa! ngati nkhuni youma, magazi n'kuwazikira pa kalata yanga. A Weluda anagwera pa sofa, sofa n'kugudubukira pa mphasa yanga, koma anadzuka atagwira ketulo. Anaiponya. Tiyi wotentha anathira a Mlonda pakhosi ndi pachifuwa, iwo n'kukuwa ngati nkhumba yolasidwa. Anagwirana pakhosi, tebulo n'kuthyoka mwendo, mchere ndi magalasi zili mbwee pansi.

"Galu iwe! Ndikulondera katundu wa eni usiku wonse, iwe ukundibera wanga!"

"Anabwera yekha! Ndinam'koka ine?"

A Telala analowa pakati akukuwa kuti, "Anthu inu, mundiipitsira ukwati!" Chigongono cha wina chinawaponyera kukhoma, ayironi n'kugwera pa malaya mpaka utsi tolo. A Weluda anathawira kuchipinda kwawo n'kukhoma. A Mlonda anamenya chitseko ndi phewa kawiri, kachitatu chinazuka ndi mahinjesi omwe. Anawatulutsa mowakoka mwendo, mutu ukugunda pa simenti. Pakhomo a Weluda anafwamphula chitsulo chazenera chimene ankawotcherera dzulo lake n'kuchizunguza mwakhungu. Chinaphonya a Mlonda, chinaswa zenera la pabalaza ndi kabokosi ka mita pakhoma, ndipo pobwerera chinandipeza ine.

Ndinali nditaima pomwepo, kalata ili m'manja, ndikunena kuti, "Achimwene, mwina tichotse ndime imeneyo." Sindinamve kuwawa poyamba. Ndinangoona dzino langa lili pansi pakati pa mchere, loyera kuposa mcherewo.

A Mlonda anali atakhala pamimba pa a Weluda, akuwasinja nkhonya kumaso, dzanja ili, dzanja ilo. A Weluda anasiya kudziteteza. Manja awo anangogwa m'mbali. Anachita kubwera amuna atatu oyandikana nafe kudzawakanganula, ndipo mmodzi anachokapo atalumidwa chala.

Apolisi anatenga a Mlonda. A Weluda anawanyamula pa galimoto ya mnansi kupita nawo kuchipatala, nsagwada itathyoka pawiri, ndipo abale awo anadzatenga makina ndi zovala mawa lake. A Telala anasamuka Lachisanu lomwelo, masiku asanu mwezi usanathe. Potuluka anandiyang'ana, malaya opserera ali paphewa.

"Mphwanga, pamsonkhano tikanakutsina usananene. Pepala silitsinika."

Eni nyumba anabwera Loweruka. Anawerenga chitseko, zenera la pabalaza ndi kabokosi ka mita, n'kunena kuti dipoziti yonse yathera pamenepo. Kenako anafunsa kuti lendi ya pa 1 alipira ndani.

"Timagawa pa mutu," ndinayankha, mawu akutulukira pa gweru.

Anayang'ana uku ndi uku m'nyumba yopanda anthu. "Ine ndikuona mutu umodzi, womanga bandeji. Uli nayo yonse?"

Ndinalibe.

Masiku anayi otsalawo ndinagona m'chipinda cha a Telala, mopanda magetsi. Zenera linalidi labwino. Mtsikana wa mafoni ndinkamuona bwinobwino akutsegula shopu, akupukuta galasi, akuseka ndi makasitomala. Tsiku lomaliza, ndikudutsa ndi chikwama changa kupita kokwerera basi, anandiitana koyamba chikhalire.

"Inu! Si inu a kalata ija?"

Ndinafuna kumwetulira, koma ndinakumbukira dzino. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja, n'kugwedeza mutu, n'kupitiriza ulendo.