Kalendala ya Amayi

Amayi atadwala sitiroko, dokotala anati azipita ku mafizo kawiri pa sabata, Lolemba ndi Lachinayi, kuti mwendo ndi mkono wakumanja ziyambenso kugwira ntchito. Ana awo tilipo awiri: ine, amene ndimakhala nawo, ndi mlongo wanga wamng'ono amene timamutcha Waya chifukwa ndi wowonda komanso amakonza zamagetsi. Tinagwirizana kuti Lolemba aziwaperekeza iye, Lachinayi ine.

Ine ndine mlembi pa ofesi ina yojambula mapulani a nyumba, ndipo tsiku lonse ndimakhala pa kompyuta. Misonkhano ya abwana ndimailemba mu kalendala ya pa intaneti, ndiye ndinaganiza zochita chimodzimodzi ndi za amayi. Ndinatsegula kalendala yatsopano mu akaunti yanga, n'kuitcha "Amayi", n'kuitumiza ku imelo ya Waya, n'kumupatsa chilolezo choti azitha kulembamo ndi kusintha. Itafika, tinailoleza mu foni mwake kuti izioneka komanso izilumikizana ndi intaneti. Ndikalemba pa kompyuta, zinkatulukira pa foni yake ndi yanga yomwe.

"Ndiye basi achemwali, mwandilemba ntchito popanda intavyu," anatero akuseka.

Kwa mwezi wathunthu zinayenda bwino. Kenako Lachinayi lina ndinapempha kuweruka msanga, ndinawasambitsa amayi, ndinawakweza galimoto movutikira, n'kukafika kuchipatala. Tinakhala pa benchi ola lathunthu, chitseko cha mafizo chili chotseka. Namwino wina anatiuza kuti wamafizo anapita kumaphunziro, ndipo odwala ake onse anawasinthira Lachitatu.

"Tinamuuza mwana wawo wamwamuna Lolemba," anatero. "Analemba mu foni ine ndikuona."

Amayi sanadandaule. Chidwalireni mawu amawavuta, ndiye anangondigwira dzanja ndi dzanja lawo labwinolo. Zimenezo n'zimene zinandiwawa kwambiri. Titafika kunyumba ndinamuimbira Waya, ndipo ndinalankhula zambiri. Ndinati ine ndiye ndimachapa, ndimaphika, ndimawatembenuza pabedi, pamene iye kantchito kake n'kamodzi kokha ndipo kakumukanika. Iye anaumirira kuti analemba. Ine ndinati pa kompyuta palibe.

"Loweruka 2 koloko ubwere ndi foni yakoyo, udzandionetse pamene unalembapo," ndinatero.

Iye anafunsa, "Loweruka masana?"

"Kodi uli ndi china choposa amayi ako?"

"Ndibwera," anayankha.

Anabweradi, atavala shati yositidwa bwino, zimene sachitachita. Anakapereka moni kwa amayi kuchipinda, kenako tinakhala patebulo, kompyuta ya m'manja uku, foni yake yosweka galasi uku. Anatsegula Lachitatu lija n'kundilozera. Zinalipodi: "Amayi, mafizo, 10 koloko." Pa kompyuta tsiku lomwelo linali loyera.

Poyamba ndinaganiza kuti mwina analibe intaneti, koma zikanakhala choncho zikanatumizika atangoipeza. Ndinadina pa mawuwo. Pansi pake panali kamzere kakang'ono kosonyeza kalendala imene anasungiramo. Sipanalembedwe "Amayi". Panalembedwa "Foni".

"Vuto ndi ili," ndinatero. "Mu foni yakoyi muli makalendala angapo. Ino yotchedwa Foni si ya akaunti iliyonse, imangokhala m'kati mwa foni momwemu. Ukalemba chatsopano osasankha, chikumagwera mmenemu. Ine sindingachione ngakhale nditadikira chaka."

"Ndiye foni inandikumbutsa Lachitatu m'mawa, ine n'kumati yanunso yalira," anatero akukanda m'mutu. "Lachinayi lakalelo ndinaiwala kulifufuta."

"Ukanangosuntha lomwelo kupita Lachitatu, bwenzi zitasintha ponseponse."

Ndinafuna kuona ngati pali zina za amayi zimene zinasochera mmenemo, choncho ndinabisa makalendala enawo n'kusiya ya Foni yokha. Mwezi wonse unadzaza. Zambiri zinali za ntchito: kukaika mawaya kusitolo, kukaona gizala yotenthetsera madzi imene inafa. Koma Loweruka lililonse panali mawu omwewo: "Kuona mwana, 2 mpaka 4." Ndipo pa Lachiwiri lina lakutsogolo panali mawu amodzi: "Kukhoti."

Waya ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zisanu. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa hafu pasiti thu.

"Waya, mwana wako yemwe ukumuonera pa nthawi? Alamu ali kuti?"

Anatenga foni ija n'kuitembenuza chafufumimba patebulo. Anandiuza kuti mkazi wake anachoka ndi mwana miyezi iwiri yapitayo, sabata imene amayi anatuluka m'chipatala. Akukhala kwa mchimwene wawo, ndipo anagwirizana kuti iye azimuona mwanayo maola awiri Loweruka mpaka khoti litagamula.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndikuuzeni liti, achemwali? Ndikabwera ndimakupezani muli ndi beseni m'manja. Ndinati mtolo muli nawo kale. Komanso amayi akamva, BP ija ikwera."

Ndinakumbukira mawu anga a pa foni aja, ndipo manyazi anandigwira. Ndinkadziwa tsiku ndi ola la msonkhano uliwonse wa abwana mpaka mwezi wamawa, koma sindinkadziwa kuti mlongo wanga akugona m'nyumba yekha.

"Nyamuka," ndinatero. "Ukadali ndi ola limodzi ndi theka. Za kalendala tidzakonza mawa."

Sanatsutse. Anakatsanzika kwa amayi n'kutuluka akuthamanga.

Mawa lake anabweranso titaweruka kutchalitchi. Tinasintha kuti chilichonse chatsopano chisamagwerenso mu Foni, koma mu kalendala ya akaunti yake, ndipo ndinamuonetsa posankhira "Amayi" akamalemba za kuchipatala. Ndinamuchenjezanso kuti foni yosweka ija ikadzafa, zonse za mu Foni zidzapita nayo, ngakhale tsiku la kukhoti. Anakhala pakhonde akuzisamutsira mu akaunti yake chimodzichimodzi. Pomaliza tinayesa. Analemba "kuyesa" pa Lolemba mu kalendala ya Amayi, ndipo pasanathe mphindi mawuwo anaoneka pa kompyuta. Ndinawafufuta pa kompyuta, anasowanso pa foni.

"Nanga kalendala yangayi mukufuna muziiona?" anafunsa.

"Zili kwa iwe."

Anaganiza kaye. Tinalowa mu akaunti yake pa kompyuta, ndipo anasankha kuti ndizingoona nthawi imene watanganidwa, osati chimene akuchita. Ndinaona kuti n'zoyenera. Inenso yanga ndinamupatsa chimodzimodzi, ndipo ataiona anaimba kamluzu.

"Kodi inu mumapuma liti?"

Kuyambira pamenepo anawonjezera yekha Lachisanu madzulo, kubwera kudzawayendetsa amayi pabwalo kuti ine ndipumeko.

Lachiwiri la kukhoti lija linaoneka pa kompyuta yanga ngati kabokosi kopanda mawu, kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko. Ndinapempha abwana kuti ndichokepo m'mawawo, ndipo azakhali anabwera kudzakhala ndi amayi. Ndinamupeza Waya atakhala yekha pa benchi ya panja pa khoti, akupinda ndi kupindula kapepala. Atandiona anasuntha kuti ndikhale.

Khoti linagamula kuti mwana azikhala ndi mayi ake, koma azibwera kwa bambo ake kuyambira Loweruka m'mawa mpaka Lamlungu madzulo. Madzulo a tsiku lomwelo tinawauza amayi zonse, pang'onopang'ono. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa, mawu akutuluka limodzilimodzi, ngati mdzukulu wawoyo akuopabe agalu, chifukwa a nyumba yoyandikana nafe anali atangogula galu wamkulu.