Kakowa pa Makina Osokera

Ana asukulu ankawatcha Mayi Umboni, chifukwa mwana akangoti "ndamva kuti", iwo ankamudula ndi funso lakuti, "Umboni uli kuti?" Chibwerereni ku maphunziro a aphunzitsi ozindikira zithunzi zabodza, matenda okayikirawo anakula. Ngakhale chithunzi cha ukwati wa mnzawo ankachiyang'ana ngati chawabera nkhuku.

Ndiye kunabwera mpikisano wa zithunzi wa masukulu. Lamulo lake linali lakuti osawonjezera kanthu, osachotsa kanthu, ndipo mphunzitsi avomereze kuti chithunzi ndi choona. Mtsikana wina wa m'kalasi mwawo, mwana wa atelala, wosalankhulalankhula, anatumiza chake. M'chithunzicho, mayi ake anali pakhonde akusoka pa makina opukusa ndi dzanja, ndipo patebulo pomwepo, pa nsalu yobiriwira, panaima kakowa woyera mbee, khosi atapinda ngati naye akuyendera msoko.

Mayi Umboni anachikulitsa pafoni n'kuona kamzere kowala kozungulira mbalameyo. Basi, anagwira mbava. "Mbalameyi waimata," anatero pamaso pa kalasi yonse. Mtsikana anangoti, "Sindinaimate." Anzake anaseka, ndipo pofika nthawi yoweruka anali atamupatsa kale dzina lakuti Kakowa.

Koma mwana wabodza amachuluka mawu, ndipo uyu sanachuluke. Zimenezi zinawasowetsa mtendere Mayi Umboni. Mawa lake masana anapita ku nyuzipepala kumene mlamu wawo ankagwira ntchito yotsimikiza zithunzi zisanasindikizidwe. Anamupeza m'kachipinda kotentha, pakati pa makompyuta awiri ndi kapu ya tiyi wozizira.

"Alamu, mwabwera kudzamanga ndani lero?"

"Ndingofuna mutsimikize zomwe ndaona kale," anatero Mayi Umboni, akumutumizira chithunzicho.

Mlamu anachiika pa kompyuta yaikulu. Anayamba wafufuza pa intaneti ngati mbalameyo inaonekapo m'chithunzi china, koma sanaipeze. Kenako anakulitsa kamzere kaja.

"Kamzereka mwakaona bwino. Nthawi zina kamaululadi chinthu chomatidwa. Koma taonani apa." Anasuntha chithunzi. Kamzere komweko kanalinso m'mphepete mwa makina, pa khutu la atelala, ngakhale pa lumo. "Foni imachita yokha zimenezi pofuna kuti zinthu zioneke bwino. Kakanakhala pa mbalame yokha, bwenzi tikulankhula zina."



Mlamu analemba mzere kuchokera pa mthunzi wa mlomo wa kakowa kudutsa pa mlomo weniweniwo. Analemba wina kuchokera pa mthunzi wa gudumu la makina kudutsa pa gudumulo, wina pa ngodya ya tebulo. Atawatalikitsa mpaka kunja kwa chithunzi, mizere yonse inakakumana pamalo amodzi.

"Dzuwa lili apo," anatero. "Ndi limodzi, ndipo zonsezi zikuvomerezana nalo. Mbalame yotengedwa kwina kawirikawiri imabwera ndi dzuwa lakwawo."

Mayi Umboni anaphunzitsa za kuwala kwa zaka zambiri, koma anali asanaonepo dzuwa likuloza malo ake m'chithunzi chomwe lokha mulibe.

Mlamu anakulitsanso. Pansi pa zala za kakowa nsalu inali itabonyoka pang'ono, makwinya akuthawa kulemera kwake. Nthenga za kumimba zinali ndi kaubiriwiri kochokera ku nsaluyo. Ndiye anafika pa gudumu lonyezimira la makina, ndipo mommo, atapindika ngati nkhope ya pa supuni, munali kakowa wachiwiri, wochepa ngati njere ya mpunga. Mayi Umboni anachita mantha okoma, ofanana ndi a munthu amene walowa m'nyumba ya eni ake n'kupeza chinthu chopatulika. Mbalame yakutchire inaimadi pamenepo, pafupi ndi dzanja la munthu, ndipo iwo anaitcha bodza.

"Chizindikiro chimodzi sichimanga mlandu," anatero mlamu, "koma zonsezi pamodzi, ine mbalameyi ndikuikhulupirira. Vuto lanu lili kukhomaku, alamu."

Kumbuyo kwa atelala kunali khoma la njerwa. Mlamu analoza njerwa yobenthuka pakona, kenako ina yobenthuka chimodzimodzi, ndi kadontho komweko, pang'ono pamwamba pake. Mizere ya simenti inali yokhota pamenepo, ndipo malowo anali osalala ngati opakidwa mafuta. Pansi, pa simenti ya khonde, panagona mithunzi iwiri yowonda, yaitali, yopanda mwini wake.

"Apa panatsamira zinthu ziwiri. Wina wazifufuta n'kuiwala mithunzi. Ndi chiyani, sindingakuuzeni. Kapempheni chithunzi choyambirira."

Mayi Umboni anamunamizira mwanayo za mbalame, koma mwanayo lamulo analiphwanyadi, ndipo chithunzi chotere iwo sakanachivomereza. Kupita kwa atelala kunali kukapepesa ndi kukaweruza pa ulendo umodzi.

Khonde analizindikira asanaodire n'komwe. Atelala anali pa makina, mtsikana akusita kumbali. Pakhoma la njerwa panatsamira ndodo ziwiri zoyendera, zachitsulo, zogwirira zake zitakulungidwa nsalu.

Mayi Umboni anakhala pampando womwe anapatsidwa. Atalonjerana, anatembenukira kwa mtsikana. "Mwanawe, ndinakulakwira. Mbalame ija ndi yeniyeni, ndipo mawa ndikanena zimenezi pamaso pa anzako onse. Koma pakhomapo unachotsapo chinthu."

Mtsikana anaimika simbi. Misozi inalengeza. "Akanangoona ndodozo," anatero motsitsa mawu. "Akanati, ‘Kalanga mayi wolumala.’ Ine ndimafuna aone amayi akusoka."

Atelala anasiya kupukusa. "Iwe, wachotsa miyendo yanga?" Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ndiye anthu aziti ndinafika bwanji pakhonde pano, ndinauluka ndi kakowayo? Tabweretsa foniyo."

Chithunzi choyambirira chinalimo, chifukwa mtsikana anafufuta pa china chimene anakopera. Munalinso zina zojambulidwa motsatizana: kakowa akutera, akupinda mapiko, akutola chiwala m'mphepete mwa nsalu. Mayi Umboni anaziyang'ana mobwereza, pakamwa pali yasa.

"Choyambirirachi ndingachivomereze lero lomwe," anatero. "Koma ndodo zikhalemo. Mwini chithunzi ndi iwe, mwini ndodo ndi mayi ako. Mukakana, mpikisano watidutsa."

Mtsikana anayang'ana mayi ake.

"Aphunzitsi," anatero atelala, "mukudziwa chifukwa chake mbalameyi imatera pa ine? Anthu a miyendo yabwino sakhazikika. Akaiona amadzambatuka, wina kuithamangitsa, wina kuthamangira foni. Ine kudzuka ndi ntchito, ndiye ndimangokhala. Inayamba kuima pampanda, kenako pamasitepe, miyezi ikupita. Tsiku lina ndinangomva nsalu yalemera." Anabweza foni kwa mwana wawo. "Ukachotsa ndodozo, anthu sadzamvetsa kuti mbalameyi inandikhulupirira bwanji."

Mtsikana anapukuta maso ndi dzanja, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako foni ya Mayi Umboni inalira m'chikwama. Chinali choyambirira chija, ndodo zonse ziwiri zitaima pa mithunzi yake.