Chikumbutso cha pa Pepala Lachikasu

Mpaka lero ndikamva dzina la a Herbert Chimwaza mtima umandiwira. Anali bwana wanga mu 1996, pa kabungwe kathu ka ku Chilomoni kophunzitsa za ukhondo amayi ogulitsa zakudya. Ine Modesta ndinali kalaliki, wotayipa, wosesa, zonse.

Wekishopu yoyamba tinaitana amayi makumi atatu, kunabwera asanu ndi awiri. Makalata tinali titatumiza kudakali mwezi wathunthu, anthu n'kuiwala. Mayi wa ku bungwe lotithandiza ananena mosabisa kuti yachiwiri ikalephereka atseka pulojekiti. A Chimwaza anangondiloza ndi bolopeni.

"Ikagwa iyi, woyamba kutuluka ndiwe."

Ine, wa ana atatu wopanda bambo pakhomo!

Ndiye ndinati titumize chikumbutso Lachiwiri, popeza wekishopu inali Lachinayi. Masiku awiri munthu saiwala, komanso amapeza womusiyira geni. Ndinatayipa pa sitensulo: tsiku, 8 koloko m'mawa, holo ya tchalitchi ku Ndirande, chakudya cha masana chilipo. M'munsi ndinaika kachigawo kong'amba, munthu achonge ngati abwera kapena ayi, kuti wokana timupezere wolowa m'malo.

Nditapempha mapepala, a Chimwaza sanadzutse n'komwe mutu.

"Oyera atha. Nzeru ndi zako, uona wekha."

M'kabati munali mtokoma wa mapepala achikasu otsala pa zikuto za malipoti. Ndinapukusa makina osindikizira, makalata makumi atatu mbwee. Kupusa kwanga! Chaka chimenecho ndani sankadziwa kuti chikasu ndi mtundu wa chipani cholamula? Koma mutu wanga unali pa tsiku ndi nthawi basi.

A Bonifasi, mesenjala wathu wachikulire, anazungulira nawo pa njinga ku Ndirande, Chemusa ndi Chilomoni. Anabwerako madzulo thukuta lili kamukamu, m'thumba muli tizigawo khumi ndi tiwiri tokha, tisanu ndi titatu tokana.

"Amayi, kwina andithamangitsa ngati wakuba nkhuku," anatero.

Lachitatu m'mawa kunatulukira mayi Deborah NyaGondwe, wogulitsa mandasi ku Chemusa, amene amayi anzake ankamumvera kwambiri. Anamenyetsa kalata ija pa tebulo langa.

"Mwatigulitsa kuchipani eti? Munati za ukhondo, lero mukutitumizira za ndale kunyumba? Amuna anga ndi a m'boma, mukufuna aneba azinena chiyani?"

Ndinafotokoza, ndinapepesa, ndinachita kugwada. Anandiyang'ana ngati nyansi.

"Mawa ndibwera ndidzaone ndekha. Ndikaona chikasu, mudzandidziwa."

Ndinathamangira kwa a Chimwaza kuti tigule mapepala oyera titumizenso. Anati pa bajeti palibe zimenezo. Basi ndinayenda ndekha wapansi khomo ndi khomo, dzuwa lili phwee, kulumbira kuti si za chipani. Pofika madzulo amayi makumi awiri ndi asanu anali atavomera. Ndinati Mulungu wandiona.

Lachinayi ndinafika pa holo 7 koloko. Mayo ine! Munali mutadzaza kale. Kalata ina inali itayenda m'manja mumsika wa Ndirande, mbiri n'kumveka kuti kuli msonkhano wa chipani, kuli mpunga, mwinanso agawa nsalu. Amayi oposa makumi asanu ndi limodzi, amene sitinawaitane, anali atakhala pa mabenchi atavala zitenje zachikasu, ng'oma ili pakati, nyimbo ili m'kamwa.

Ndinawapempha kuti atuluke. Wina anandifunsa kuti ndine ndani ine, mwana wa dzulodzuloli. Wina anandikankha.

Nthawi yomweyo anafika NyaGondwe ndi gulu lake. Anaima pakhomo, anasuzumira, kenako anatembenukira kwa ine.

"Wabodza iwe. Unagwada dzulo ukudziwa zimenezi?"

Anabwerera onse, palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa. Akutuluka pa geti, galimoto ya mayi wa ku bungwe lotithandiza inali ikulowa. Mayiyo anaima pakhomo kanthawi kochepa chabe. Anati iwo sathandiza misonkhano ya ndale, n'kukwera galimoto. A Chimwaza anali pambali pake, manja kumbuyo, akupukusa mutu ngati munthu wachisoni.

"Ndinamuuza ine mtsikanayu," ndinawamva akutero. Munthu woipa mtima ngati ameneyo sindinamuonepo.

Lolemba anandiitana mu ofesi mwawo. Anati ndinkafuna anthu abwere, ndipo abweradi. Anatsegula dirowa yawo ndi kiyi ine ndikuona. Munali mtokoma wa mapepala, wodzaza, wongoyambidwa kumene. Pamwamba pake anatengapo kalata yanga yondichotsa ntchito, n'kundipatsa.

Pepala lake linali loyera mbee.