Pulagi ya m'Bafa

Mkulu wina anabwera kwa mwana wake wamkazi ndi lamulo limodzi. Sitiroko inali itamupha dzanja ndi mwendo wakumanzere, koma pakamwa inapasiya pathunthu.

"Ine mkamwini sandinyamula m'bafa," anatero akutsika galimoto. "Ngati sindingadzuke ndekha, mundibwezere kuchipatala. Anamwino aja anandiona kale, palibenso chobisa."

Choncho mkamwiniyo, yemwe ntchito yake inali yoyendetsa basi, anagula chitsulo chogwirira, nabwereka makina obowolera. Anayeza pakhoma pambali pa chimbudzi, apongozi akulozera ali pampando m'khonde. Mabowo onse anayenda bwino kupatula lam'munsi. Limenelo linagwera ndendende pa bowo lakale, pomwe kale panali chokolekapo matawulo, ndipo m'katimo munatsalira kapulagi kofiira kapulasitiki, kogwiritsa sikuluwu m'khoma. Kanali kakang'ono, koyenera tawulo, osati thupi la munthu wamkulu. Kanayenera kutuluka kuti bowo likulitsidwe, mulowe pulagi yaikulu.

"Bwanji osangosuntha chitsulocho?" anafunsa mkazi wake.

"Ndisunthire kuti, mayi? Kumanjaku mukudutsa paipi ya madzi. Kumanzereku ndi pangodya. Ndaboola kale enawa."

Anayesa ndi pulayala, koma kapulagi kanali katalowa mpaka kulingana ndi tailosi, popanda pogwira. Atakanyomola pang'ono, mlomo wake unangonyotsoka. Ndiye anatenga sikuluwu, naimanga mwamphamvu mpaka mkati, nakoka. Anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Kapulagi kali phee.

"Mukulimbana ndi ndani m'menemo?" anafuula mkulu uja. "Ndiitane apolisi?"

"Zitheka, apongozi."

"Chikhodzodzo changa sichidziwa zitheka."

Mkamwini anapukuta thukuta, natenga makina aja. Mkazi wake anamugwira dzanja. Bowolo linali pafupi ndi m'mphepete mwa tailosi, ndipo makinawo akanakodwa m'pulasitikimo n'kugwedezeka, tailosiyo ikanasweka. Mwamunayo anawaika pansi, nakhala pamphepete pa bafa.

Anati ndi mawu otsika, "Kapena ndingowanyamula lero lokha."

"Simukuwadziwa ababa inu. Akhoza kusiya kumwa madzi."

Mayi uja anatola pulagi yatsopano m'kathumba, osati kuti anali ndi nzeru ina, koma manja ake sankatha kukhala chabe. Analowetsamo sikuluwu, napotokola ndi zala. Poyamba palibe chinachitika. Itapitirira mkati, kumapeto kwa pulagi kunayamba kukhadzuka, miyendo yake iwiri n'kutanyula. Anabweza sikuluwu ija. Miyendo inabwererako. Analowetsanso, inatanyulanso.

"Bambo, taonani," anatero. "Sikuluwu yanu ija mwaimanga mpaka pati?"

"Mpaka kumapeto, kuti igwire."

"Ndiye mwakauza nokha kuti kakakamire khoma. Mukukakoka uku mutakatsekera m'katimo."

Mwamunayo anayang'ana pulagi yotanyula ija, kenaka anayang'ana khoma, n'kuseka chogwira mutu. Anamasula sikuluwu yonse, naibwezeramo pang'ono chabe, yongokwanira kuluma pakamwa pa pulagi. Mkazi wake anathamangira kukhitchini, nabwera ndi thabwa lodulirapo anyezi.

"Lisasweke," anachenjeza.

"Thabwa kapena tailosi?"

"Zonse. Ndi inu nomwe."

Mwamunayo anagoneka thabwalo patailosi, nakola mutu wa sikuluwu ndi mano a hamala, msana wa hamalayo utatsamira pathabwa. Anakanikiza chogwirira pang'onopang'ono. Kunamveka kakulira kakang'ono. Kafumbi kanasefukira pansi. Kenaka kapulagi kanasololoka, kofiira, kopindika, kakakulu ngati chala chaching'ono cha mwana.

"Kameneka?" anatero mkulu uja atamuikira m'dzanja. "Ndimayesa mukuzula mtengo."

Zotsalazo zinali zosavuta. Mkamwini anakulitsa bowo mofatsa, makina osawaika pogogoda mpaka atapyola tailosi. Anauzira fumbi, nakhomera pulagi yaikulu, namanga chitsulo. Asanaitane apongozi, anachilendewera yekha ndi thupi lake lonse. Sichinagwedere.

Mkulu uja analowa ndi ndodo yake, mwana wake ali pambuyo manja ali tcheru. Anagwira chitsulo ndi dzanja lamoyo lija, nachikoka ngati akufuna kuchipezera mlandu. Anakhala pansi. Anapuma kaye. Kenaka anadzikoka, nadzuka, naima nji.

Mayi uja anatembenukira kukhoma, nayamba kupukuta tailosi yomwe inali yoyera kale.

"Tsopano tulukani nonse," anatero mkuluyo. "Kapena mwagula matikiti?"

Anatuluka. Chitseko chinatsekedwa kuchokera m'kati. Awiriwo anakhala pansi m'khonde, misana kukhoma, miyendo chotambalala, akumvetsera. Patapita kanthawi anamva madzi akuthamanga, ndipo mkamwini anatulutsa mpweya wautali.

"Thabwa langa," anatero mkazi wake, akutambasula dzanja.